Malata Makumi Atatu

Ndimacheka matabwa. Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zambiri pa makina a munthu mmodzi kuno ku Lichinga, amene timangomutchula kuti patarau, ndiye kuti bwana. Mitengo ya paini imabwera pa lole, ife n'kumaing'amba. Madzulo ndimabwerera kunyumba utuchi uli m'makutu. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Kuwerengera ndimatha, ndipo ndinawerengera bwinobwino chaka chimene ndikufuna kunena. Sizinandithandize kwenikweni.

Tinkakhala ku Sanjala, bairo kapena kuti dera lina la m'tauni muno, m'nyumba ya renda ya zipinda ziwiri, ine, mkazi wanga ndi ana atatu. Kwathu ndi ku Lione. Kumeneko kuli mlongo wanga wamkulu, wamasiye, ndi ana ake. Kuli mng'ono wanga. Kuli amalume okalamba, asuweni, ndi ena amene ubale wake umakumbukika kumapeto kwa mwezi kokha. Pa mtundu wonse, wolandira malipiro a pamwezi ndine ndekha. Kwathunso ana a mlongo wako ndi ako. Akadwala, akalakwa, akafuna yunifolomu, nkhani imafika kwa malume. Malumeyo ndine.

Tsiku la malipiro ankalidziwa kuposa ine. Foni inkalira kamodzi n'kuduka. Kubipa kumeneko. Ndiye kuti uimbe ndiwe, ndi mayunitsi ako, kuti umve zimene akufuna kwa iwe. Mbuzi yadya nyemba za eni ake, akufuna chindapusa. Njinga yathyoka sipoko. Mwana akulemba mayeso. Dzino. Mchere. Palibe ankanama, ndinenetse zimenezo. Ndikapita kumudzi ndinkaipeza njingayo ilidi yothyoka.

Malo omangapo ndinagula kale kunja kwa tauni, cha kumsewu wopita kwathu. Anakhala zaka zinayi akumera udzu. Ndalama ndinayesa kusunga m'chitini, chitini chinkatseguka. Ndinayesa kusunga pa foni. Zinaipiratu, chifukwa kutumiza kwake n'kwapafupi. Munthu akulira uko, iwe chala chili pa batani.

Mkazi wanga amagulitsa mbatata ndi kabichi pamsika. Tsiku lina, tikusankha nyemba pakhonde, anati:

"Inu bambo a ana, malo aja tikagulitse."

"Chifukwa?"

"Tigule mbuzi. Izidya nyemba za anthu, nafenso tizibipa."

Sindinaseke. Iye anaseka yekha. Kenako anandiuza za shitiki ya anzake a pamsika, chimene ena amati chipereganyu. Anthu khumi, aliyense amaponya ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, mmodzi n'kutenga zonse. Mwezi wotsatira atenga wina, mpaka onse akwane. Inkayamba mu Januwale. Munthu mmodzi anali atatuluka, malo analipo.

Ndinalowa. Mametikali chikwi chimodzi ndi mazana asanu pamwezi. Pa malipiro anga inali ndalama yopweteka. Mayi amene ankayendetsa shitikiyo, wogulitsa nsomba zouma, wa mawu aakulu, anandifunsa mwezi umene ndikufuna kulandira. Ambiri amalimbirana miyezi yoyamba. Ine ndinati womaliza, Okutobala.

"Mwamuna wotani wosafuna ndalama msanga?" anatero.

"Zikabwera msanga zipita msanga."

"Muli ndi abale ambiri eti?"

"Ndili nawo."

"Basi ndamva. Okutobala ndi wanu."

Ndinali nditawerengera. Nyumba ya zipinda zitatu zondondozana, malata khumi pa chipinda, onse makumi atatu. Ndalama ya shitiki inkakwana malatawo ndi misomali yake, osatsala kanthu. Mvula kuno imayamba mu Novembala. Ndikalandira mu Okutobala, ndifolera, tisamuka, renda itha.

Za abale tinapangana ndi mkazi wanga. Chitini chija chinasanduka cha iwo. Mwezi uliwonse ndinkaikamo mazana asanu. Za kwathu ndi za kwawo kwa mkazi wanga, zonse zizichoka mmenemo. Zikatha zatha. Tinapangananso kuti sindibwereketsa, chifukwa ngongole ya m'bale sibwera, imangobweretsa chidani. Chimene ndingathe ndipereka, chimene sindingathe ndikana. Ndipo pamene zingatheke ndizigula chinthucho ndekha. Akati mankhwala, ndigule mankhwala. Akati makope, nditumize makope pa shapa, minibasi zathu zija.

Kukana kunali kovuta miyezi iwiri yoyamba. Ndinaphunzira mawu amodzi n'kumangobwereza: "Ya mwezi uno yatha." Osafotokoza zambiri. Ukafotokoza, munthu amapeza polowera.

Mng'ono wanga anaimba mu Malichi. Ankafuna zikwi ziwiri, akuti awonjezere agule njinga yamoto yakale azinyamula anthu.

"Ndili ndi mazana awiri," ndinatero.

"Achimwene, mazana awiri ndigula chiyani? Galasi loonera kumbuyo?"

"Gula galasilo."

"Anthu akuti mwalowa shitiki ya azimayi."

"Ndalowa."

"Ndiye ndalama zilipo."

"Zili kwa azimayiwo. Kawapemphe."

Anadula. Mazana awiriwo analandira ndithu.

Apa ndi pamene ndinaona ubwino wa shitiki. Sindinkanama. Ndalama sinali m'manja mwanga. Ndikalandira malipiro Loweruka, pofika masana ndapereka kale kwa mayi wa nsomba, renda ndalipira, ufa ndagula, chitini ndaikamo. Foni ikamalira madzulo inkapeza munthu wopanda kanthu. Kwa nthawi yoyamba ndinkagona mtima uli m'malo.

Mu Juni tinaumba njerwa, ine ndi mkazi wanga, Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi. Chisanu cha kuno mu Juni sichifuna kuti munthu agwire matope. Zala zinkauma mpaka kulephera kumanga batani. Tinawotcha mu Julayi ndi makungwa ndi zidutswa za ku makina zimene patarau anandilola kutola. Matabwa a denga anandipatsa pa ngongole, azidula pang'onopang'ono pa malipiro.

Mu Ogasiti ndinaitana mmisiri. Simenti ndinalibe. Tinamanga ndi dothi, monga amangira ambiri kuno. Mmisiriyo, Myao wachikulire wosataya mawu, anandichenjeza zipupa zisanafike pa windo.

"Malata alipo?"

"Okutobala."

"Khoma la dothi silidikira munthu. Mvula ikalipeza lili mutu pamtunda, ligona."

"Ndawerengera."

"Chabwino. Ine ndanena."

Chimene sindinawerengere n'chakuti malo anga ali m'mbali mwa msewu. Shapa iliyonse yochokera ku Lione imadutsa pomwepo. Zipupa zitakwera, mudzi wonse unaziona pa windo. Foni inayamba kulira ngakhale pakati pa mwezi. Amalume anatuma uthenga kuti amva ndikumanga nyumba ya bwanamkubwa pamene iwo akugona pa mphasa yong'ambika. Ndinawagulira mphasa. Mu Sepitembala chitini chinatha pa tsiku lachinayi. Msuweni wina anandinena pamaliro kuti tauni yandidya mtima. Ndinangopitiriza kukumba manda.

Mlongo wanga yekha sanabipe chaka chonsecho. Iyeyo sapempha. Ndiye anandilera amayi atamwalira. Ankagulitsa nyemba kuti ndipeze makope, mpaka pamene nyembazo zinalephera. Ndikamutumizira kanthu kuchokera m'chitini, sabata yotsatira pa shapa pankabwera kathumba ka mbatata.

Okutobala anafika. Ndinali nditakonza kale kuti ndalama isagone m'nyumba mwanga ngakhale tsiku limodzi. Ndinapempha mayi wa nsomba kuti tipitire limodzi ku loja ya zomangira, apereke yekha kwa mwini sitolo. Anavomera, akuseka njira yonse.

"Ndaonapo amuna oopa akazi awo. Woopa thumba lake lomwe ndayamba kuona lero."

Anawerenga ndalama pa kauntala. Ine ndinangolandira resibu, kapepala kosonyeza kuti talipira. Malata makumi atatu, misomali makilo ake. Ndinafuna kuti malatawo akhale konko mpaka tsiku lofolera, koma mwini loja anakana. Anati katundu wa nyengo ya mvula akubwera, malo alibe, ndichotse pofika mawa. Kumalo kwanga sindikanawasiya, kulibe chitseko, akanatha usiku umodzi. Mmisiri anali akumaliza nyumba ya wina, anati ndimudikire masiku asanu ndi atatu.

Choncho tinawatengera ku Sanjala pa ngolo yokankha. Tinawaimika pabalaza, kutsamira khoma. Mkazi wanga anawaphimba ndi nsalu ziwiri, koma m'mphepete munkaonekabe kuwala. Anatenga theka la chipinda. Ana ankawagogoda podutsa kuti amve kulira kwake. Tinauza mwini nyumba kuti kutha kwa Novembala tituluka, iye n'kupeza kale wina wolowa.

Masiku amenewo ndinkayenda mosiyana. Ndinkati ndapambana. Ndalama munthu angakupemphe. Koma lata? Ndani angabipe kuti umutumizire lata pa foni?

Pa tsiku lachitatu ndinabwera ku ntchito n'kupeza mlongo wanga atakhala pakhonde. Sanandiuze kuti akubwera. Anali ndi kamwana kake kotsiriza ndi kamtolo kamodzi. Analibe mbatata, analibe nyemba. Sanabwerepo chimanjamanja chiyambire. Nsalu imene anavala sinali yake, ndinaidziwa, inali ya mnansi wake. Tinapatsana moni. Anafunsa za ana, za ntchito. Mkazi wanga anabweretsa tiyi. Ndinadikira. Kwathu mlendo sumufunsa chimene wadzera asanamwe madzi.

Atamaliza tiyi ndinati, "Kumudzi kuli bwanji, achemwali?"

"Kuli moto."

Anafotokoza mwachidule. Anthu osaka mbewa anayatsa tchire kumunsi kwa dambo. Mphepo inatembenuka masana, anthu ali kumadimba. Moto unakwera phiri, unadya udzu wonse, unalowa m'mudzi mbali ya kumadzulo. Nyumba zinayi. Yake inali yachiwiri. Denga lonse linapsa, zovala, mabulangete, mphasa. Nkhokwe anthu anaipulumutsa theka. Zipupa zinatsala zili chilili, zakuda. Palibe anafa.

"Ana akugona kuti?"

"Kukhitchini kwa anansi. Atsikana. Mnyamata akugona pansi pa nkhokwe."

"Udzu wofolera?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Ndinkadziwa ndekha. Udzu umamwetedwa mu Juni ndi Julayi. Pofika Okutobala tchire lapsa kale, ndipo umene anthu anasunga ndi wa madenga awo. Amene anali ndi wotsala anali atagulitsa kwa mabanja atatu enawo, pa mtengo wa misala.

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula chitini. Ndinkadziwa kuti mulibe kanthu. Ndinatsegulabe. Mazana asanu a Okutobala anali atapita kwa mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amene mwana wake anathyoka mkono. M'thumba ndinali ndi ya sopo.

Apa ndi pamene ndinaona cholakwa changa. Chaka chonse ndinkatchinga mapempho aang'onoang'ono, a sipoko ndi mchere. Ndinawatchinga bwino. Koma sindinasiye kanthu pambali ka tsiku ngati limeneli. Ndalama iliyonse ndinaipatsa ntchito, ndipo yonse inali itasanduka chitsulo chimene chinali pabalaza, chophimbidwa ndi nsalu.

Mlendo wamkazi kwathu amagona pabalaza. Kunalibe kwina. Tinamuyalira mphasa m'mbali mwa malatawo.

M'mawa ndinamupeza akusesa. Nsalu imodzi yophimba malata inali itagwa, iye anaitola n'kuibwezera bwinobwino, n'kuwongola m'makona. Anapititsa dzanja pa lata lakutsogolo kamodzi kokha.

"Ndi olimba," anatero.

"Ndi apakati."

"Mwachita bwino, achimwene. Amayi akanaona."

Anatenga ndowa kukatunga madzi.

Tsiku limenelo ndinapita kwa patarau kukapempha malipiro a kutsogolo. Anatulutsa kope n'kundionetsa matabwa a denga amene ndinali ndisanamalize kulipira. Anati sangawonjezere. Sanalakwe. Masana ndinapita pamsika kwa mayi wa nsomba. Anati shitiki yatha ndi ine, ina iyamba mu Januwale, ndipo aliyense panopa ndalama yake ili ku feteleza. Anandipatsa nsomba za ana a mlongo wanga. Ndinapita ku loja kukafunsa ngati angalandirenso malata awiri kuti ndigule lona, pulasitiki yakuda ija yofolera. Mwini loja anati katundu wotuluka sabwerera pa mtengo womwewo. Mtengo umene ananena unali wachipongwe. Panalinso munthu wina m'bairo mwathu wobwereketsa ndalama za katapira. Ndinafika pa geti pake, ndinaima, ndinabwerera. Ndinaona anthu akulandidwa malo chifukwa cha iyeyo.

Madzulo mkazi wanga anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene ankachapa.

"Ndikukuonani," anatero.

"Ukuona chiyani?"

"Mukuwerenga malata ndi maso. Musayerekeze."

"Sindinanene kanthu."

"Ndiye mumandiopsa mukakhala chete. Tamverani. Kutha kwa mwezi mulandira. Tigula lona, titumiza. Afolere ndi lona chaka chino, Juni amweta udzu."

"Lona pa phiri lija? Ndi mphepo ija? Sifika Khirisimasi."

"Nanga pa khoma lathu ifika?"

Anafinya chovala n'kuchiponya m'beseni.

"Ine zala izi zinasweka ndi matope a Juni," anatero, akundionetsa manja ali thovu. "Miyezi khumi ana anga akumwa tiyi wopanda shuga. Mchimwene wanga munamupatsa mazana asanu n'kumuuza kuti yatha. Anamva. Lamulo munaika ndinu. Likagwira kwathu kokha?"

"Mkono ndi denga n'zosiyana."

"Alamu apempha?"

"Ayi."

"Ndiye mukuyankha funso liti?"

Ananena zoona. Zonse zimene ndinaphunzira chaka chimenecho zinali zoyankhira munthu wopempha. Ya mwezi uno yatha. Ndili ndi mazana awiri. Zili kwa azimayi. Mlongo wanga akanati andipemphe, mwina ndikanapeza mawu. Ndikanati asanu, iye akanati zikomo. Koma sanapemphe. Anakhala masiku atatu. Ankadzuka woyamba, kusesa, kutsuka mbale, kuthandiza mkazi wanga kunyamula kabichi kupita kumsika. Malata ankawalambalala ngati munthu wogona amene safuna kumudzutsa. Kamwana kake kakawagogoda, ankakamenya dzanja.

Tsiku lachitatu chibwerere iye, kumwamba kunachita mdima cha kum'mawa. Sikunagwe kanthu, kunangogunda patali. Tonse tinali pakhonde. Mlongo wanga anayang'ana mitambo, kenako anayamba kumanga kamtolo kake.

"Mawa ndipite," anatero. "Ndikaone ana. Ndimangofuna mudziwe, musamve kwa anthu."

"Mukagona kuti?"

"Tiona. Anthu sagona panja mpaka kale."

Ndinawerenga m'mutu, ngakhale ndinali nditawerenga kale kambirimbiri. Nyumba yake ndi yaing'ono, malata khumi akwana. Kwa ine khumi ndi chipinda chimodzi, cha kumapeto, chimene tinati chidzakhala cha ana aakazi. Zipinda ziwiri tikhoza kukhalamo, monga tinkakhalira ku renda. Pansi pa lona ya ku Lione pakanagona anthu asanu. Pansi pa lona yanga pakanagona njerwa.

"Mutenga khumi," ndinatero.

"Khumi chiyani?"

"Malata."

"Ayi, achimwene. Sindinadzere zimenezo."

"Ndikudziwa."

"Alamu avutika nawo malatawa. Ine sindingawasenze."

Mkazi wanga anali pa chitseko. Ndinkayembekezera kuti alankhula. Anayang'ana mlongo wanga, anayang'ana nsalu yobwereka ija. Kenako analowa m'nyumba. Tinamva akukoka nsalu pa malata, ndi kulira kwa chitsulo.

"Bwerani mugwire uku," anaitana. "Kapena mukufuna ndidzicheke ndekha? Mupatse ndinu, kusenza ndisenze ine?"

Tinapatula khumi. Misomali anagawa ndi iye, pa mbale ya sikelo yake ya mbatata, ndipo sanabere mbali iliyonse. Anawonjezapo bulangete limodzi ndi nsalu ziwiri zimene zinkaphimba malata zija. Ndalama yolipira pa lole yopita ku Lione inachoka m'mpango wake wa kumsika. Kwa ine sanalankhule masiku anayi. Chakudya ankangoika patebulo.

Mmisiri atabwera anawerenga malata, n'kuwerenganso.

"Makumi awiri."

"Eya."

"Zipinda zitatu."

"Folerani ziwiri."

Sanafunse. Anthu a kuno safunsa zinthu zimene akudziwa kale. Anangoti chipinda chachitatucho ndichiphimbe msanga, makamaka pamwamba pa zipupa, madzi asalowe m'dothi la pakati pa njerwa. Malipiro a Okutobala atabwera ndinamulipira iye, renda yomaliza, ndi lona. Ndinaikhoma pa matabwa ndi timitengo, pamwamba n'kutsendereza ndi njerwa. Tinasamuka kutha kwa Novembala, mvula itagwa kale kawiri.

Masabata oyamba lona inagwira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tidutsa. Ndinawerengeranso: shitiki ya Januwale, ndikapempha mwezi woyamba, ndigula khumi aja. Ndinapita kwa mayi wa nsomba. Anati miyezi yoyamba inatengedwa kale ndi amene ulendo wapitawu anali kumapeto kupatula ine, chifukwa ine ndinanena ndekha pamaso pa onse kuti Okutobala ndi wanga nthawi zonse. Ndinanenadi pamsika, tsiku logula malata lija, ndili wokondwa. Anayesa kufunsa ngati wina angasinthane nane. Wa Januwale anali ndi fizi ya ana. Wa Febuluwale anali ndi ngongole ya feteleza. Aliyense anali ndi khoma lake.

Mu Disembala mphepo inang'amba lona pakati. Ndinasoka ndi waya. Inang'ambikanso pena. Madzi ankasonkhana pamwamba ngati m'beseni, ine n'kumawakankha ndi mtengo ndisanapite ku ntchito. Ndikabwera ndinkapeza adzazanso. Khoma la kumapeto linayamba kuda kuchokera pamwamba. Ndinkaligwira ndi dzanja, dothi n'kumatsalira ku zala. Ndinaika mitengo iwiri yochirikiza. Ndinkadziwa kuti sizithandiza. Ndinaikabe.

Linagwa mu Januwale, Lachiwiri masana, pa tsiku lachinayi la mvula yosakata. Ine ndinali ku makina. Mkazi wanga anaimba, osati kubipa.

"Lagona," anatero.

"Ana?"

"Ali bwino. Anali mbali ino."

"Lonse?"

"La kumapeto ndi theka la kumbuyo. Bwerani ndi matabwa, khomo lapakati lili pamtunda."

Ndinapempha makungwa kwa patarau. Ndinakhoma pa khomo limene likanalowa m'chipinda cha atsikana. Mpaka lero lili choncho. Atsikana amagona pabalaza.

Mu Febuluwale ndinapita ku Lione. Nyumba ya mlongo wanga imaonekera patali, denga lokha lowala pakati pa zitsa zakuda. M'kati munali mouma. Ana anali ndi mphasa zatsopano. Iye anali atamva kale za khoma, a pa shapa anamuuza. Sanalitchule, inenso sindinalitchule. Pobwerera anandisenzetsa thumba la mbatata lalikulu kuposa masiku onse, loti sakanayenera kupereka chaka cha moto. Ndinakana, anakalipa, ndinanyamula.

Ndikudikira shapa, mng'ono wanga anandipeza.

"Achimwene, denga la achemwali lakongola."

"Lakongola."

"Langanso likudontha. Sindikupempha ndalama, ndikudziwa lamulo lanu. Ngati pali otsala, ngakhale anayi."

Ndinamuyang'ana. Sankaseka. Denga lake ndinali nditaliona, linkadonthadi.

"Palibe," ndinatero.

"Kwa achemwali analipo."

Shapa inabwera, ndinakwera.

Tsopano zitini zilipo ziwiri. China cha mapempho a mwezi ndi mwezi, china cha tsiku la moto. Nzeru imeneyi ndi ya mkazi wanga, ndipo ndi yabwino. Koma malipiro ndi omwe aja. Kuti chachiwiri chilandire kanthu, choyamba chachepa, ndipo foni ikulira kuposa kale, chifukwa ku Lione akudziwa tsopano kuti ndikafinyidwa ndimatulutsa. M'chitini cha moto muli mazana atatu. Sangagule ngakhale lata limodzi.

Shitiki ndikuponyabe. Okutobala ndi wanga. Malata khumi adzakwana, ndi simenti, ndi ya mmisiri, ngati mitengo sikwera, ngati patarau satseka makina, ngati ku Lione sikupsa kanthu. Nthawi ino zipupa sindikweza malata asanafike.

Lamlungu ndikachoka ku tchalitchi ndimakhala pa mulu wa khoma logwa lija, kutola njerwa zimene sizinasweke, kuzipala dothi ndi chikwanje, kuziika pambali. Zambiri zinasweka. Mkazi wanga nthawi zina amabwera kudzathandiza. Sabata yatha anatola theka la njerwa, analitembenuza, n'kufunsa ngati nalonso tisunge.

Ndinati asunge.